Kalata yofunsira ntchito yoyang'anira nyumba yosungiramo katundu

Kwa Mkulu Woona za Antchito,

Bwana,

Ndikupempha kuti mundiganizire pa ntchito yoyang'anira nyumba yosungiramo katundu imene mwalengeza. Pamodzi ndi kalata ino ndatumiza chikalata chofotokoza maphunziro anga ndi kumene ndagwirako ntchito.

Chidziwitso chanu chikufuna munthu wa dipuloma ya zogula ndi kusunga katundu, amene wagwirapo ntchitoyi zaka zosachepera 3. Dipulomayo ndili nayo, ndipo ndatha zaka 5 pa kampani yogulitsa zakudya ndi sopo mopikulitsa, kumene ndikuyang'anira anthu 4.

Mwatsindika za kulandira ndi kutulutsa katundu. Galimoto ikafika, ndimayamba ndafananiza kalata yobwera ndi katunduyo ndi oda yathu, kenako ndimawerenga makatoni onse ndi kutsegulako ena. Zophwanyika, zonyowa kapena zopereŵera ndimazilemba pa kalata yomweyo dalaivala asanachoke, chifukwa ukasaina osawerenga, chosowa chilichonse chimakhala mlandu wako. Potulutsa, palibe chimene chimadutsa pakhomo popanda pepala losainidwa, ndipo ndimalemba pa khadi la katunduyo tsiku lomwelo. Mabuku akasemphana ndi zimene zili pa shelefu, anthu amathamangira kunena kuti kwabedwa, koma kawirikawiri vuto limakhala katundu wotuluka mongouzana pakamwa popanda kulemba, kapena kusokoneza miyeso, wina kulemba makatoni, wina kulemba mabotolo. N'chifukwa chake khadi lililonse limakhala ndi muyeso umodzi wolembedwa pamwamba.

Katundu wotha mphamvu msanga ndimamuika kutsogolo kuti ayambe kutuluka, ngakhale atabwera mochedwa. Makatoni amakhala pa mathandala, masentimita 10 kuchoka pansi ndi masentimita 30 kuchoka kukhoma, ndipo mulu supitirira mamita 2.5, kuopa chinyontho ndi kuphwanyika kwa apansi. Sopo sakhala pafupi ndi zakudya, poti fungo limalowerera. Katundu woyenda kwambiri ndimawerenga sabata iliyonse, yense pakutha pa mwezi. Malipoti ndimakonza mu Excel, ndipo SUMIF imandiphatikizira zolowa ndi zotuluka za mtundu uliwonse.

Mwatchulanso kuti chiphaso choyendetsera makina onyamulira katundu chingakhale chothandiza. Chimenechi ndilibe, koma ndine wokonzeka kukaphunzira mukandilemba.

Kumene ndikugwira panopa ndiyenera kupereka chidziwitso cha mwezi umodzi, choncho ndikhoza kuyamba patatha mwezi chilandirireni yankho lanu. Nambala yanga ya foni ndi maina a anthu awiri ondichitira umboni zili pa tsamba lomaliza la chikalata chija. Ndidzasangalala kubwera ku mayeso a ntchito tsiku limene mungasankhe.

Ine wanu mokhulupirika,
Wofunsira ntchitoyi