Kalata kwa makasitomala athu: zomwe akuba atenga m'makompyuta athu ndi zomwe muchite

Lilongwe, 15 Seputembala 2025

Wokondedwa kasitomala wathu,

Tikukulemberani nkhani yosakondweretsa. Anthu akuba analowa m'makompyuta a kampani yathu ya ngongole ndipo anakopera mafomu omwe makasitomala anadzaza popempha ngongole. Fomu yanu ili m'gulu la mafomu amenewa. Ndalama zanu sizinakhudzidwe, ngongole yanu sinasinthe, koma zomwe atengazo ndi zokwanira kuti munthu wachinyengo akuimbireni foni n'kumayankhula ngati ndife, inu osakayika n'komwe. Tikukupemphani kuti muwerenge kalatayi mpaka kumapeto, ndipo ngati kunyumba kuli ena amene amagwiritsa ntchito foni yanu, muwawerengerenso.

Zomwe zinachitika

Lachinayi pa 4 Seputembala, mmodzi mwa ogwira ntchito ku ofesi yathu analandira imelo yooneka ngati yochokera ku kampani yomwe imatikonzera makompyuta. Imeloyo inali ndi linki yopita pa tsamba labodza, lofanana ndendende ndi lomwe timalowera masiku onse, ndipo atalembapo pasiwedi yake inagwera m'manja mwa akubawo. Iwo anadikira kuti ofesi itsekedwe. Usiku wa Loweruka pa 6 mpaka Lamlungu pa 7 Seputembala analowa ndi pasiwediyo n'kukopera chikwatu chomwe timasungamo mafomu a ngongole.

Tinazindikira Lolemba pa 8 m'mawa, titaona kuti seva yathu yatumiza zinthu zambiri kunja pa nthawi yomwe kunalibe munthu pantchito. Tsiku lomwelo tinatseka akauntiyo, tinazimitsa sevayo ndi kusintha mapasiwedi a ogwira ntchito onse. Vuto si la wantchito mmodziyo ayi. Akaunti yake inkatsekulidwa ndi pasiwedi yokha, popanda nambala yachiwiri yotsimikizira yobwera pafoni, komanso inali ndi chilolezo choona mafomu onse pomwe ntchito yake inkafuna ochepa chabe. Ziwirizi zinali m'manja mwathu kukonza ndipo tinachedwa. Pepani kwambiri.

Zomwe atenga

Chikwatucho chinali ndi mafomu 9,640 a anthu amene anapempha ngongole kuyambira Januwale 2022 mpaka Ogasiti 2025, kuphatikizapo amene anamaliza kubweza ndi amene pempho lawo linakanidwa. Pa fomu iliyonse pali dzina lanu lonse, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso cha unzika ndi chithunzi cha chiphasocho mbali zonse ziwiri, nambala ya foni, komwe mumakhala, mudzi ndi mfumu yaikulu ya kwanu, komwe mumagwira ntchito kapena mtundu wa bizinesi yanu, ndalama zomwe munapempha ndi zomwe mumabweza pamwezi. Amene munalandira ngongole kudzera kubanki, palinso dzina la banki ndi nambala ya akaunti. Pa mafomu 2,115 a anthu apantchito panalinso chithunzi cha kapepala ka malipiro.

Palinso chinthu china chomwe n'chosavuta kuchiiwala. Pa fomu munalembapo dzina ndi nambala ya foni ya munthu wokuimirirani pa ngongole komanso ya wachibale wapafupi. Zimenezinso zapita.

Zomwe sanatenge ndi izi. PIN yanu ya Airtel Money, ya TNM Mpamba kapena ya khadi la kubanki ife sitinaisungepo ndipo sitikuidziwa. Kaundula wa ngongole ndi zobweza amakhala pa kompyuta ina yomwe akubawo sanaifike, ndipo tayerekeza ndi zomwe tinasunga padera Lachisanu pa 5 Seputembala, palibe chomwe chasintha. Mapasiwedi olowera pa tsamba lathu la makasitomala sanali m'chikwatucho.

Pomwe pali ngozi yeniyeni

Munthu sangatulutse ndalama mu akaunti yanu ndi nambala ya chiphaso kapena ya akaunti yokha. Amafunika PIN yanu, kapena nambala yotsimikizira ija imabwera pa meseji, kapena simukhadi yanu. Choncho ntchito ya akubawa tsopano ndi yoti inu muwapatse nokha zimenezi, ndipo zomwe anaba ndizo nyambo yake.

Zimayenda chonchi. Foni ikulira, nambala yachilendo. Woimbayo akukutchulani dzina lonse, akutchula mudzi wa kwanu, akudziwa kuti munatenga K450,000 ndipo mumabweza K52,000 pamwezi. Mwina atchulanso kalata yomwe ino, amvekere tikuteteza akaunti yanu chifukwa cha zomwe zachitika zija. Kenako akuti mwalandira nambala pa meseji, tandiwerengerani. Kapena akuti mwezi uno musalipire kumene mumalipira kuja kwatsekedwa, tumizani pa nambala iyi. Ena amanena kuti munalipira mopitirira ndipo akubwezerani, bola mutumize kaye kandalama kotsekulira. Onse amafulumizitsa munthu, amati pakatha mphindi khumi akaunti itsekedwa, chifukwa akudziwa kuti mukapeza mpata wofunsa wina bodza lawo ligwa.

Kuyambira lero, munthu kudziwa mbiri yanu si umboni woti ndi wochokera kwa ife. Ife sitidzakufunsani PIN, pasiwedi kapena nambala yotsimikizira, kaya pafoni, pa WhatsApp ngakhale pamaso. Sitinasinthe njira yobwezera ngongole ndipo sitilandira ndalama pa nambala ya foni ya munthu. Wina akakuimbirani za ngongole yanu, dulani foni, kenako imbani nokha nambala yomwe inalembedwa pa pepala la mgwirizano wa ngongole lomwe muli nalo kunyumba. Wantchito wathu weniweni sangakhumudwe kuti mwamudulira foni. N'chifukwa chake m'kalata muno mulibe linki kapena nambala yatsopano: meseji iliyonse yonena za nkhaniyi yokhala ndi linki si yathu.

Zoti muchite lero

Sinthani PIN ya ndalama za pafoni ngati munaipanga kuchokera ku chaka chobadwa, tsiku lobadwa, kapena manambala omalizira a foni yanu. Anthu ambiri amatero, ndipo zonsezi zili pa fomu yomwe yabedwa. Pa Airtel Money imbani `*211#`, pa TNM Mpamba imbani `*444#`, ndipo pa mndandanda womwe ubwere sankhani gawo losinthira PIN. Chitani nokha, musapatse wina foni kuti akusinthireni. Pewani manambala ngati 1234 kapena 0000. Chimodzimodzinso PIN ya khadi la kubanki.

Auzeni okuimirirani ndi wachibale amene munawalemba pa fomu. Tikuwatumizira uthenga nawonso, koma adzakhulupirira msanga akamva kwa inu. Akuba angawaimbire kuti mwalephera kubweza ngongole, apolisi akubwera, atumize ndalama msangamsanga kuti mlandu uthe. Makamaka makolo okalamba kumudzi, auzeni kuti asatumize kanthu asanayankhule nanu.

Ngati muli pa WhatsApp, lowani pa `Settings`, kenako `Account`, kenako `Two-step verification`, ndipo muike PIN ya manambala 6. Mukatero, ngakhale wina atapeza nambala yotsimikizira sangalande akaunti yanu n'kumapempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Za simukhadi

Apa tikufuna mumvetsetse bwino, chifukwa ndi pomwe anthu amataya ndalama zambiri. Munthu amene ali ndi chithunzi cha chiphaso chanu angayese kunamiza wogulitsa masimukhadi kuti iye ndi inu, foni yatayika, amupatse simukhadi ina ya nambala yomweyo. Zikatheka, simukhadi yanu imafa nthawi yomweyo, ndipo mameseji onse a kubanki ndi manambala otsimikizira amayamba kupita kwa iye.

Chizindikiro chake n'chimodzi: foni yanu yasowa netiweki mwadzidzidzi pomwe anzanu a kampani yomweyo ali pafupi nanu akuimba bwinobwino. Zimitsani foni n'kuyatsanso. Ngati netiweki sinabwerere, musagone nazo poganiza kuti mawa ibwera. Bwerekani foni, imbirani kampani yanu ya foni kuti atseke nambalayo, kenako imbirani banki yanu kuti aimitse kaye ntchito zonse za pafoni. Mukatero pitani ku ofesi ya kampani ya foniyo ndi chiphaso chanu chenicheni. Nthawi zina akubawo amayamba akuimbirani kambirimbiri mpaka mutatopa n'kuzimitsa foni, cholinga choti musazindikire nthawi yomwe simukhadi yafa. Zikayamba zotere, khalani tcheru, osazimitsa.

M'sabata ino ndi miyezi ikubwerayi

Amene nambala yanu ya akaunti inali pa fomu, pitani kubanki ndi kalatayi. Pemphani kuti azikutumizirani meseji pa ndalama iliyonse yotuluka, ndipo muonetsetse kuti nambala ya foni yomwe ali nayo ndi yanudi. Kutseka akaunti sikofunika. Muziona sitetimenti mwezi uliwonse, osanyozera tindalama tating'ono tosadziwika, popeza akuba amayamba ndi kochepa kuti aone ngati mwini wake akuyang'ana.

Ngozi ina imabwera mochedwa. Wina angatenge ngongole kwina m'dzina lanu pogwiritsa ntchito chithunzi cha chiphaso ndi kapepala ka malipiro, inu n'kudzadziwa pakapita miyezi eni ndalamazo akuyamba kukulondolani. Mabungwe osunga mbiri ya ngongole, Credit Data CRB ndi TransUnion, ndi amene amaonetsa ngongole zolembedwa m'dzina lanu. Kapempheni lipoti lanu mu Okutobala, ndipo mudzapemphenso pakatha miyezi 6. Ndalama iliyonse yomwe mungalipire pa malipoti awiriwa tidzakubwezerani mukabweretsa lisiti ku nthambi yathu. Apantchito, muziyang'ananso kapepala ka malipiro ngati padulidwa ndalama ya ngongole yomwe simunatenge. Chiphaso chanu cha unzika chikadali chogwira ntchito, palibe chifukwa chothamangira ku NRB kukapempha china.

Ngati mwaberedwa kale, kapena munapereka PIN kwa munthu pafoni, imbirani kampani ya foni kapena banki nthawi yomweyo, chifukwa ndalama zikasamutsidwa kawiri katatu n'kutapidwa kwa ejenti zimavuta kuzilondola. Musafufute mameseji. Lembani nambala yomwe inakuimbirani, tsiku, nthawi ndi nambala ya lisiti ya ndalama zotumizidwazo yomwe ili pa meseji, mukanene kupolisi, ndipo mutibweretsere lipoti la apolisilo. Musachite manyazi. Anthuwa ndi akatswiri pa bodza ndipo anapeza mbiri yanu kudzera mwa ife.

Zomwe ife tachita

Lachitatu pa 10 Seputembala tinakanena nkhaniyi ku MACRA, bungwe lomwe lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 linalipatsa udindo woyang'anira nkhani zotere. Tadziwitsanso Reserve Bank of Malawi ndi apolisi. Talemba akatswiri akunja kwa kampani kuti afufuze makompyuta onse. Tsopano wantchito aliyense amalowa ndi pasiwedi pamodzi ndi nambala yachiwiri yobwera pafoni yake, ndipo amaona mafomu a nthambi yake yokha. Zithunzi za ziphaso tazichotsa pa seva yolumikizidwa ku intaneti. Mafomu a anthu amene pempho lawo linakanidwa sitimayenera kuwasunga nthawi yonseyi, ndipo tiwafufuta kafukufuku akangotha.

Zomwe zakopedwa sitingathe kuzibweza, ndipo sitikulonjezani kuti sizidzagwiritsidwa ntchito. Muli ndi ufulu woona zonse zomwe zinali pa fomu yanu. Bwerani ku nthambi yomwe munatengera ngongole, Lolemba mpaka Lachisanu kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana, mutanyamula chiphaso chanu, ndipo tikuonetsani. Ngati simukukhutira ndi momwe tayendetsera nkhaniyi, mukhoza kukadandaula ku MACRA. Tidzakulemberaninso pofika pa 15 Okutobala kukuuzani zomwe ofufuza apeza.

Ndife anu,

Mkulu wa kampani
pamodzi ndi woyang'anira chitetezo cha mbiri za makasitomala