Zomwe ndinaphunzira pa naiti ya Lachisanu

Ndikutsata njira ya Gibbs ya 1988 yosinkhasinkha pa zomwe wakumana nazo pa ntchito. Chachitika nchoti cha m'ma 2 koloko usiku ku wodi ya ana kuno ku Salima anabweretsa kamwana ka zaka zitatu kuchokera kunyanja kakukomoka, malungo, magetsi atathima, ine ndi sisitala awiriwiri basi. Ndinabaya kanula katatu osaupeza mtsempha, manja kunjenjemera, mayi ake akungoti adokotala chonde, ine udokotala ndilibe. Mantha eni eni.

Chabwino nchoti ndinayeza shuga msanga, anali wotsika. Choipa, ndinachedwa kuitana sisitala chifukwa cha manyazi, ndimafuna ndioneke kuti ndine wophunzira wa chaka chomaliza. Iwo anangoti mwanawe gwira tochi, kamodzi kokha yalowa, dekisitirozi wokweza shuga kenako atesuneti wa malungo.

Ulendo wina ndikalephera kawiri ndikuitana, ndipo tochi ndizitchajiratu masana.