Uthenga wachipepeso kwa Mayi Mwale

Okondedwa Mayi Mwale,

Pepani, pepani kwambiri. Uthenga woti mayi anu atisiya watipeza m'mawa uno kudzera kwa a Phiri, ndipo tonse mu ofesi muno tangoti kakasi. Tinkadziwa kuti akhala akudwala kuyambira m'dzinja. Tinkakuonaninso mukuthamangira kuchipatala nthawi ya nkhomaliro, phala lili m'kontena, n'kubwerera 2 koloko kudzapitiriza ntchito popanda kudandaula. Sabata yatha mutatiuza kuti ayambanso kudya nsima, tonse tinati basi achira. Ndiye kumva izi lero kwatipweteka mtima.

Ambiri mwa ife sitinawaonepo maso ndi maso, koma tinawadziwa. Chaka chilichonse akakolola ankatumiza kathumba ka mtedza wa chalimbana, ati mukagawire anzanu akuntchito, ndipo a Banda a pageti ndi amene ankayamba kufunsa ngati gogo akumba kale. Mayi wokumbukira anthu amene sanakumanepo nawo sapezekapezeka. Inu munawasamala mpaka tsiku lomaliza, ndipo ife ndife mboni.

Za ntchito musaziganizire n'komwe. Malipoti a kutha kwa mwezi tagawana ine ndi a Chisale, ndipo palibe amene akuimbireni foni kufunsa za mafayilo. Ndalankhula kale ndi abwana za masiku anu a tchuthi cha maliro. Mukaona kuti akuchepa, poti inu ndinu woyamba kubadwa ndipo zokambirana za pabanja zidikira inu, mungondiuza, mapepala tidzalemba mukabwera.

Anzanu asonkha kangachepe kachipepeso, ndipo ndikutumizirani pa foni madzulo ano kuti kathandize pa ufa, ndiwo ndi nkhuni za pasiwa. Tamva kuti mwambo woika m'manda uchitika Lachinayi kumudzi ku Mchinji. Ofesi yatipatsa galimoto, ndipo anthu asanu ndi mmodzi tinyamuka mu Lilongwe 5 koloko m'mawa. Amayi awiri a m'chigawo chathu ati atsogola mawa kuti akagone nanu pamaliro. Tingopempha wachibale mmodzi wodziwa njira kuti tizilumikizana naye tikafika pa Kamwendo, kuti tisamavutitse inu.

Mutiperekere chipepeso chathu kwa bambo a kunyumba, ana, achimwene anu ndi onse akubanja, komanso amayi a Chigwirizano amene mayi ankayenda nawo. Inunso muziyesetsa kudya ngakhale pang'ono, paja mwakhala masabata ambiri osagona mokwanira.

Mulungu akutonthozeni ndi kukupatsani mphamvu m'masiku ovutawa. Mzimu wa mayi uuse mumtendere.

Ndine mnzanu pantchito,
Grace Nkhoma
M'malo mwa onse a chigawo cha zachuma