Kalata kwa Mayi Banda Yokhudza Matenda a Kambuku

14 Malichi 2025

Okondedwa Mayi Banda,

Zotsatira za madzi amene tinakoka ndi jakisoni pa zotupa za Kambuku zabwera. Pepani kwambiri, galu wanu ali ndi khansa yotchedwa limfoma. Khansa imeneyi imagwira maselo oyera a m'magazi, omwe amateteza thupi. N'chifukwa chake watupa mwanabere pansi pa nsagwada, kutsogolo kwa mapewa ndi kuseri kwa mawondo. Simunalakwitse chilichonse, ndiponso matendawa sangapatsire ana anu kapena ziweto zina.

Ndinene mosabisa: limfoma ya agalu sichizika kawirikawiri. Koma imamva mankhwala kuposa khansa zambiri, ndipo ya Kambuku ndi ya maselo a mtundu wa B, yomwe imamva bwino kuposa ya T. Popanda chithandizo, agalu ambiri amangokhala milungu 4 mpaka 6.

Njira yamphamvu ndi kemo, chithandizo chopha maselo a khansa, ya mankhwala anayi: vinkirisitini, saikulofosifamaidi, dokisorubisini ndi mapiritsi a puredinisoloni. Mungamabwere naye pafupifupi mlungu uliwonse kwa milungu 19 mpaka 25, ndipo tisanam'patse mankhwala tizimuyeza magazi. Mwa agalu 10, pafupifupi 8 kapena 9 zotupa zimaphwa n'kuyambanso kudya ndi kusewera. Theka la iwo amafika chaka chimodzi, ena ochepa zaka ziwiri. Matendawa akabwerera tingathe kuyambanso, ngakhale mpumulo wachiwiri umakhala waufupi.

Ndinaona nkhope yanu nditatchula kemo Lachiwiri lija. Kwa agalu timachepetsa mlingo, chifukwa chimene tikufuna n'chakuti akhale masiku abwino, osati avutike. Ambiri ubweya suthothoka. Ena amasanza, amatsegula m'mimba kapena kukana chakudya kwa masiku ochepa, ndipo pakatha pafupifupi mlungu chitetezo cha m'thupi chimatsika. Akafooka kapena kutentha thupi nthawi imeneyo, musadikire kuti kuche. Masiku oyamba atalandira mankhwala muzivala magolovesi pochotsa mkodzo ndi chimbudzi chake, ndipo mayi woyembekezera asakhudze.

Ngati maulendo a mlungu uliwonse angakulemereni, pali dokisorubisini yekha, kamodzi pa milungu itatu, kasanu. Nthawi imene amawonjezera ndi yocheperapo, ndipo tingayambe taunika mtima wake, poti mankhwalawa amatha kuufooketsa.

Palinso puredinisoloni yekha, wom'mwetsa kunyumba. Galu amapeza bwino kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Ameneyu musam'yambitse tisanagwirizane, chifukwa akamwa nthawi yaitali kemo imadzalephera kugwira bwino ntchito.

Kambuku ali ndi zaka 7, akudyabe, impso ndi chiwindi zili bwino, choncho ine ndingasankhe njira yoyambayo. Koma mukasankha ina, kaya chifukwa cha ndalama kapena mtunda, sindidzakuonani ngati simum'konda, ndipo tidzam'samalira chimodzimodzi. Kambiranani ndi a pabanja panu, kenako mubwere Lolemba m'mawa ndi mafunso onse amene muli nawo. Matendawa amathamanga, tisapitirire mlungu wamawa.

Ine wanu,
Dokotala Mwale