Insulini ndi mapiritsi a shuga: zobwereza mayeso a Lachinayi asanafike

Ophunzira a chaka chachiwiri, ndaona mapepala anu a mayeso apakati ndipo ambiri mukuloweza mayina a mankhwala osadziwa chimene amachita m'thupi. Pa mankhwala aliwonse a shuga dzifunseni funso ili: kodi amachulukitsa insulini m'magazi ngakhale munthu asanadye? Ngati yankho ndi inde, mankhwalawo angagwetse shuga mopitirira muyezo ndiponso amanenepetsa. Zovuta zina zonse zimachokera pa chiwalo chimene mankhwalawo akugwirapo ntchito.

INSULINI

Insulini ikamata pa cholandirira chake pa khungu la selo, enzayimu ya tayirosini kayinezi imadzuka, kenaka GLUT4, mapuloteni olowetsa shuga, amakwera pa khungu la maselo a minofu ndi a mafuta kuti shuga alowe. Chiwindi chimachepetsa kupanga shuga, mafuta amasiya kusungunuka n'kusanduka makitoni, ndipo potaziyamu amalowa m'maselo. Mitundu yonse imachita zomwezi. Imasiyana pa nthawi basi.

Yothamanga kwambiri ndi lisipuro, asipati ndi gululisini: imayamba pa mphindi 10 mpaka 15, imafika pachimake pa ola limodzi kapena awiri, imatha pa maola 3 mpaka 5. Imabayidwa nsima ili kale patebulo. Solubulo, imene ena amati regula, ndi yoyera ngati madzi, imayamba pakatha mphindi 30, pachimake ndi maola 2 mpaka 4, imatha pa maola 6 mpaka 8. Wodwala abaye kutatsala mphindi 30 kuti adye. Iyi ndiyo timaipereka mumtsempha pa DKA, kuchuluka kwa makitoni ndi asidi m'magazi a wodwala shuga, komanso pamodzi ndi gulukosi potaziyamu akakwera m'magazi. Funso limeneli silisowa pa mayeso.

NPH, dzina lina ayisofeni, ndi yambuu chifukwa anaisakaniza ndi purotamini kuti izilowa pang'onopang'ono. Imayamba pa ola limodzi kapena awiri, pachimake ndi pakati pa maola 4 ndi 12, ndipo imagwira kupitirira theka la tsiku. Chimake chimenechi ndicho chimagwetsa shuga pakati pa usiku kwa amene wabaya madzulo n'kugona asanadye mokwanira. Mumtsempha NPH siloledwa. Botolo lake lizipukusidwa m'manja, osalikhutchumula. Mukamasakaniza mu sirinji imodzi, yambani kukoka yoyera, yambuu pambuyo. Ya 30/70 ndi yosakaniza kale, magawo 30 solubulo, 70 NPH, ndipo imabayidwa kawiri pa tsiku. Vuto lake n'lakuti simungasinthe gawo limodzi osakhudza linalo.

Yokhalitsa ilibe chimake chenicheni. Gilajini amasungidwa pa pH 4, akalowa pansi pa khungu amaundana n'kumasungunuka kwa maola pafupifupi 24, n'chifukwa chake sasakanizidwa ndi insulini ina. Detemiya amamata pa alubumini. Degiludeki amapitirira maola 42.

Chovuta chachikulu cha insulini ndi kugwa kwa shuga, kutsika pansi pa 3.9 mmol/L: thukuta, kunjenjemera, mtima kugunda, njala, kenaka kusokonezeka mutu, kukomoka. Amene akumwa puropuranololo zizindikirozi zimabisika, kumangotsala thukuta. Zovuta zina za insulini ndi kunenepa, kutsika kwa potaziyamu, ndi zotupa zamafuta pamalo obayapo kawirikawiri. Zotupazi musazipeputse, poti insulini yobayidwa pamenepo imalowa mosadalirika. Botolo losatsegula likhale mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, lisaume kukhala ayezi. Kumudzi kopanda magetsi anthu amasunga mumtsuko wadothi wonyowa, pamthunzi.

METIFOMINI

Ndiye woyamba pa shuga wa mtundu wachiwiri, wa gulu la bayigwanayidi. Amachepetsa shuga amene chiwindi chimapanga, mwa zina kudzera mu AMPK, ndipo amathandiza minofu kumva insulini. Kapamba samukhudza, choncho payekha sagwetsa shuga ndipo sanenepetsa. Odwala ambiri amadandaula nseru, kutsegula m'mimba ndi kukoma kwachitsulo m'kamwa. Yambani ndi 500 mg, azimwa pa chakudya, muzikweza pang'onopang'ono. Akamwedwa zaka zambiri amachepetsa vitamini B12, ndiye dzanzi la kumapazi lisangotchedwa la shuga musanaganize za ichi. Chosowa koma chakupha ndi kuchuluka kwa asidi wa lakitiki m'magazi. Popeza metifomini amatuluka kudzera mu impso osasinthika, muchepetse eGFR, muyezo wa kusefa kwa impso, ikatsika pansi pa 45 ndipo musiye ikafika pansi pa 30. Muimitsenso wodwala akatha madzi m'thupi, akadwala kwambiri, kapena ngati ndi chidakwa. Kuno kwathu, kumene anthu ambiri ali pa ma ARV okhala ndi dolutegiraviya, kumbukirani kuti dolutegiraviya amakweza metifomini m'magazi potseka OCT2 mu impso. Funsani wodwala aliyense mankhwala ena amene akumwa.

MASALIFONAYILUYUREYA

Gilibenikilamayidi, gilikilazayidi, gilimepirayidi. Njira yake muilembe mwandondomeko, poti sitepe iliyonse ili ndi malikisi: mankhwala amamata pa SUR1 pa selo la beta, khomo la K-ATP limatsekeka, potaziyamu satuluka, mphamvu ya magetsi pa khungu la selo imasintha, makomo a kashiyamu amatseguka, kashiyamu amalowa, insulini imatuluka. Izi zimachitika kaya munthu wadya kaya sanadye. Pafunikanso maselo a beta amoyo, choncho pa shuga wa mtundu woyamba ndi opanda ntchito.

Gilibenikilamayidi ndiye ndimamuopa kwambiri. Amakhalitsa m'thupi, ndipo zotsalira zake zimagwirabe ntchito impso zikafooka. Gogo amene wakomoka ndi mankhwalawa akatsitsimuka ndi gulukosi wa mumtsempha musamutulutse tsiku lomwelo. Shuga amagwanso pakapita maola, ayenera kugonekedwa n'kumayezedwa. Kwa okalamba gilikilazayidi ndi wabwinoko. Kotirimokisazolo amawonjezera ngozi ya kugwa kwa shuga, pamene rifampisini wa TB amafooketsa mankhwalawa. Repagilinayidi amatseka khomo lomwelo koma kwa nthawi yochepa, amamwedwa pa chakudya, ndipo wodumpha chakudya adumphenso piritsi.

ENA OTSALA

Piyogilitazoni amadzutsa PPAR-gamma mkati mwa selo kuti thupi limve insulini, ndipo popeza amasintha ntchito ya majini, zotsatira zimaoneka pakapita masabata. Amasungitsa madzi m'thupi: miyendo kutupa, kunenepa, mtima wofooka kuipiraipira. Mafupa amathyoka msanga, ndipo saperekedwa kwa wa khansa ya chikhodzodzo. Mnzake tirogilitazoni anachotsedwa pamsika mu 2000 chifukwa choononga chiwindi.

Sitagilipitini ndi linagilipitini amatseka DPP-4, enzayimu yophwanya GLP-1 ndi GIP. Mahomoniwa amatulutsa insulini pokhapokha shuga ali pamwamba, choncho kugwa kwa shuga n'kosowa ndipo kulemera kwa thupi sikusintha. Tchulani kutupa kwa kapamba ndi kuphwanya kwa molumikizana mafupa. Linagilipitini sachepetsedwa impso zikafooka.

Empagilifulozini ndi dapagilifulozini amatseka SGLT2 koyambirira kwa timachubu ta impso, shuga n'kutuluka mumkodzo popanda kudalira insulini. Zovuta zake zitsatireni kuchokera pamenepo: mkodzo wa shuga umabweretsa mafangasi ndi kuyabwa kumaliseche, kukodza kwambiri kumathetsa madzi m'thupi n'kutsitsa kuthamanga kwa magazi. Msampha wa mayeso ndi DKA yobwera shuga asanakwere kwenikweni. Wodwala akusanza, akupuma mozama, yezani makitoni ngakhale shuga akuoneka wabwino. Ubwino wake ndi woti amateteza mtima wofooka ndi impso, ndipo thupi limatsikako.

Akabozi amatseka alifa-gulukosidezi m'matumbo, sitachi imachedwa kugayika, yotsalayo imawira m'matumbo aakulu: mpweya, kutupa mimba, kutsegula. Wodwala amene akumwa akabozi pamodzi ndi insulini kapena gilibenikilamayidi shuga akamugwera, mupatseni gulukosi weniweni, chifukwa shuga wa mutiyi sagayika msanga mankhwalawa ali m'matumbo.