N'chifukwa chiyani tikulembeni inuyo pa ntchito yoyang'anira za muofesi muno?

Zikomo kwambiri bwana wapampando, ndi inu nonse akuluakulu.

Mundilembe chifukwa chinthu chikafika m'manja mwanga sichisowa. Kaya ndi kalata, risiti, uthenga wapafoni kapena tchenji ya K500, ndimadziwa pamene chili, amene anabwera nacho ndi tsiku limene chinafika. Aliyense wokhala pampando uno lero akhoza kunena zomwezi, ndiye mundilole ndipereke umboni.

Mapepala anga mwawaona: MSCE ndi satifiketi ya ntchito za muofesi imene ndinatenga kukoleji ya ntchito zamanja. Koma kusunga mabuku ndinayambira pakhonde, ndisanalowe n'komwe mukoleji. Kwa zaka zitatu ndakhala mlembi wa banki mkhonde ya kwathu ku Area 25, ya amayi 24, ambiri a iwo a msinkhu wa mayi anga. Timakumana Loweruka lililonse masana. Ndimalemba masheya, ngongole, chiwongoladzanja ndi chindapusa cha ochedwa, ndipo aliyense amasaina kapena kudinda chala pamzere wake ndalama isanalowe m'bokosi.

Chaka chatha pogawana ndalama mu Disembala, mayi wina anaimirira n'kunena kuti anabweza K15,000 koma ine ndinalemba K10,000. Nkhani inatentha, poti ndalama ilibe chibale. Sindinatsutsane nawo pagulu, ndi munthu wamkulu. Ndinawatengera pambali, tinatsegula buku, ndinawaonetsa saini yawo, kenako ndinawapempha kuti tione limodzi mauthenga a Mpamba pafoni yawo. K5,000 inayo anaitumizadi tsiku lomwelo, koma anatumizira mwana wawo kusukulu. Anaseka okha, ndipo ndi iwowo amene anandisankhanso Januwale atafika. Ndinasunga ndalama ya gulu, ndinasunganso ulemu wa mayiwo, ndipo ndikuona kuti pa desiki yolandirira alendo pamafunika zonse ziwirizi.

Za muofesi yeniyeni ndinaziphunzira pa atachimenti ya miyezi isanu ndi umodzi, pakampani ina yaing'ono yogulitsa zipangizo zomangira. Pano ndinene cholakwa changa, chifukwa ndi chimene chinandiphunzitsa kwambiri. Mwezi wachiwiri ndinaika invoisi ya simenti mufayilo ya mwezi wolakwika. Wowerengera ndalama anaifuna m'mawa wonse akukonza za VAT, ndipo pamene inkapezeka nkuti nkhope yanga itagwa kale. Sindinanamizire munthu. Ndinapita kwa abwana n'kunena kuti ndine, kenako ndinapempha chilolezo choti ndiyambitse kaundula. Pepala lililonse likalowa ndinkalidinda sitampa ya tsiku, kulipatsa nambala, kulilemba m'buku ndi mu Excel, kenako kulijambula lisanalowe mufayilo. Buku lapamanjalo ena ankaliseka kuti ndi lachikale, koma magetsi akazima onse ankathamangira komweko. Kuchokera pamenepo mpaka tsiku limene ndinatsazika, pepala lililonse limene anandifunsa ndinkalitulutsa tiyi asanazizire.

Anandipatsanso ndalama zogulira tinthu ting'onoting'ono ta muofesi, K100,000 pamwezi. Lamulo langa linali limodzi: palibe vawucha, palibe ndalama. Ngakhale dalaivala amene tinkadya naye nsima masana ankasaina, ndipo akabwera opanda risiti ankabwerera. Lachisanu lililonse ndinkawerenga zotsala m'kabokosi n'kuziyerekeza ndi mavawucha ndisanaweruke. Kamodzi kokha ndi pamene panaperewera K1,200, ndipo ndinaipeza madzulo omwewo: inali ya kabaza yemwe anakasiya makalata, ndinali ndisanailembe.

Ndimasunganso masiku. Sindine akauntanti, ndipo sindidzinamiza kuti ndine, koma ndikudziwa kuti msonkho wa PAYE umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo za VAT pofika pa 25. Ntchito yanga ndi yoti mapepala akhale pa tebulo la wowerengera ndalama masiku atatu tsikulo lisanakwane, osati m'mawa wake. Chimodzimodzi mayunitsi a magetsi, bilu ya madzi, inshuwalansi ya galimoto, tona wa pulinta. Zinthu zimenezi palibe amene amayamika zikakhalapo, koma tsiku limene zatha ofesi yonse imaima.

Ndisanabwere kuno ndinafufuzako za ntchito yanu. Mumagulitsa mbewu ndi feteleza kwa ogulitsa zipangizo zaulimi m'maboma a chigawo chapakati, ndiye ndikudziwa kuti kuyambira Okutobala mpaka mvula itakhazikika mu Disembala, pano sipakhala popumira. Foni imalira kosalekeza, malole ali pageti, wina wachokera ku Mchinji mbandakucha ndipo akufuna kotesheni yake abwerere kusanade. Munthu wotereyu safuna kumva zoti abwana atuluka, mubwere mawa. Amafuna mpando, madzi akumwa, ndi wina womuuza zoona: kuti pepala lake lili pati, latsala kusainidwa ndi ndani, ndipo adikira mpaka nthawi yanji. Ine kwathu ndi ku Dowa, makolo anga ndi alimi, ndipo ndinaonapo bambo anga akudikira pabenchi tsiku lathunthu popanda wowayankhula. Sindingachitire munthu wina zimenezo. Ndimalankhula Chichewa ndi Chingerezi bwinobwino, Chitumbuka ndimamva ndipo ndimatha kupereka moni ndi kulondolera munthu, moti wochokera kumpoto sangasowe pogwira.

Pa kompyuta ndimagwiritsa ntchito Word ndi Excel tsiku ndi tsiku. Ndimalemba makalata, maimelo ndi mfundo za pamsonkhano, ndipo mfundozo ndimazitumiza tsiku lomwelo anthu asanaiwale zimene analonjeza. Mukafuna, ndipatseni laputopu pompano ndi mulu wa malisiti, muone nokha. Pulogalamu yowerengetsera ndalama imene mwaitchula pa chidziwitso cha ntchitoyi sindinaigwiritsepo ntchito. Ndikhala pafupi ndi amene amaidziwa, ndi kabuku kanga m'manja. Kufunsa sindichita nako manyazi, koma chinthu chimodzi sindifunsa kawiri chifukwa ndimalemba.

Chinanso chimene sichilembedwa pa satifiketi ndi pakamwa. Wokhala pa desiki imeneyi amaona malipiro a anzake, makalata a chenjezo, mitengo imene mwagwirizana ndi amene amakugulitsani katundu. Kubanki mkhonde ndikudziwa ngongole ya mayi aliyense, ena amuna awo sadziwa n'komwe, ndipo zaka zitatu zonsezi palibe inamvekapo pachitsime. Ngakhale mayi anga akandifunsa ndimangoseka.

Mwina pa anthu amene mwawaitana lero alipo amene agwira ntchito zaka zambiri kundiposa. Ine ndikubwera ndi miyezi isanu ndi umodzi ya muofesi, zaka zitatu za pakhonde, ndi mutu woti muuphunzitse kachitidwe kanu ka pano popanda kuyamba mwachotsamo zizolowezi za kwina. Ndipo ndikufuna kukhalitsa. Cholinga changa ndi kuchita dipuloma ya za kayendetsedwe ka bizinesi Loweruka ndi Lamlungu ndili pantchito pompano, osati kudikirira pano basi ina.

Kuchokera kunyumba kufika kuno ku Kanengo ndimayenda wapansi, choncho nkhani ya minibasi simudzaimva kwa ine. 7 koloko izindipeza nditatsegula kale mawindo. Abwana amene ankandiyang'anira pa atachimenti komanso mayi wapampando wa gulu lathu avomera kuti muwaimbire, manambala awo ali patsamba lomaliza la kalata yanga. Muwafunse za invoisi ya simenti ija, aikumbukira. Mukandilola, ndikhoza kuyamba Lolemba likubwerali, ndipo chimene ndingapemphe choyamba ndi makiyi a kabati ya mafayilo, kuti Okutobala adzafike zonse zili m'malo mwake.

Zikomo kwambiri.