Kalata kwa a Mbewe: miyeso ya mafelemu a nyumba ya ku Ntcheu

Zomba
6 Okutobala 2025

Okondedwa bambo Mbewe,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mayi kunyumbako ndi anyamata anu a pashedi. Kuno tili bwino.

Loweruka ndinali ku Ntcheu ndipo ine ndi a Jere, omwe akumanga nyumbayo, tinayeza makomo ndi mawindo onse kawiri ndi tepi yachitsulo. Miyeso yomwe ndinakuuzani pafoni mwezi watha muyitaye, mutsate ya m'kalata muno. Yonse ili m'mamilimita. Ndikudziwa kuti dzanja lanu linazolowera mainchesi, koma chonde musayisandutse, chifukwa inchesi imodzi ndi mamilimita 25.4 ndipo timanambala totsalira timeneto tikatayidwa pano ndi apo, chitseko chimakana kulowa. Mutembenuze tepi ku mbali ya mamilimita basi.

Mafelemu onse ndi 15: a zitseko 7, a mawindo 8. Zitseko ndi zotsegula za mawindo tidzakambirana padera.

Thabwa la felemu ya chitseko, mutalipala kale, likhale 110 m'lifupi ndi 60 kuchindikala. Mpata womwe chitseko chimakhalamo chikatsekedwa muusemere 12 kuya ndi 42 m'lifupi, poti zitseko zake n'zochindikala 40. Pansipa ndikati “m'kati” ndikunena kuchokera m'mpata umenewu mbali ino kufika m'mpata wa mbali inayo, pomwe chitseko chidzalowe. Ndikati “kunja” ndi pomwe felemu ikumana ndi njerwa.

Khomo lalikulu la pabalaza, felemu 1, ya zitseko ziwiri za 600 chilichonse: m'kati 1209, kunja 1305.
Zipinda zogona, mafelemu 3, a zitseko za 813: m'kati 819, kunja 915.
Bafa ndi chimbudzi, mafelemu 2, a zitseko za 762: m'kati 768, kunja 864.
Khomo la kukhitchini lotulukira kuseri, felemu 1: m'kati 779, kunja 875.

Msinkhu ndi umodzi pa onse asanu ndi awiriwa. Zitseko n'zotalika 2032, ndiye m'kati mukhale 2045 kuchokera pomwe padzathere simenti ya pansi, kunja 2093. Miyendo muitalikitse ndi 40 ina yodzakwiririka m'simenti, kutanthauza kuti felemu yonse mukaigoneka pansi italike 2133. Pamwendo uliwonse mulembe mzere ndi pensulo pomwe 40 imeneyo ikuthera, a Jere adzaonere pamenepo poimika.

Khomo la kukhitchinilo musadabwe nalo, sindinalakwitse kulemba. Linayenera kufanana ndi a zipinda zogona, koma anyamata omanga analipanikiza, moti m'malo mwa 935 pakati pa njerwa pali 895. Lintala anathira kale. A Jere amati tigumule mbali imodzi, ine ndakana: njerwa zake n'zootcha, khomalo lauma bwino, ndipo sindikufuna mng'alu pakona chifukwa cha masentimita anayi. Bola felemu ichepe, chitseko chake cha 773 mudzatikhomera nokha. Mnyamata wanu akaona 875 asaganize kuti akundithandiza poikonza kukhala 915.

Mawindo thabwa lake likhale 90 ndi 60 mutapala. Miyeso iyi ndi ya kunja, ndayamba ndi m'lifupi kenaka msinkhu:

Pabalaza, 2: 1500 ndi 1200, mizati iwiri pakati, mipata itatu ya 420 uliwonse.
Zipinda zogona, 3: 1200 ndi 1200, mzati umodzi pakatikati, mipata iwiri ya 510.
Khitchini, 1: 900 ndi 900, mzati umodzi, mipata iwiri ya 360.
Bafa ndi chimbudzi, 2: 600 ndi 600, opanda mzati.

Mizatiyo ikhale yochindikala 60 ngati felemu yomwe. Thabwa la pansi pa windo mulipendeketse pang'ono chakunja, ndipo kunsi kwake mulembe kangalande kakang'ono kuti madzi a mvula azidontha pansi m'malo motsata khoma.

Tsopano za kuphonya komwe ndingalole, pakuti thabwa si chitsulo ndipo sindikuyembekeza zosatheka. Muyeso wa kunja ukhoza kuchepa ndi mamilimita 3, koma usapitirire ngakhale ndi imodzi. Omanga anasiya mpata wa 10 mbali iliyonse, wodzalowamo matope a simenti ndi timatabwa towongolera, ndipo makoma ena si owongoka kwenikweni, ndiye mpatawo tikuufuna wonse. Muyeso wa m'kati mwa mafelemu a zitseko ndi mosemphana: ukhoza kukula ndi mamilimita 2, koma usachepe. Zitseko zisanu za zipinda ndi bafa ndinagula kale, ndi zija za mapulayi zopanda kanthu m'kati, ndipo mukudziwa kuti zotere sizipalidwa kwambiri m'mbali. Ndasiya 3 mbali iyi, 3 mbali iyo, 3 pamwamba ndi 10 pansi. Mukandidyera 3 ameneyo, m'Januwale chinyezi chikachuluka tizidzatsegula ndi phewa.

Kuchindikala ndi m'lifupi mwa thabwa kuphonye ndi milimita 1 yokha, kuchepa kapena kukula. Mipata ya pakati pa mizati ya windo limodzi isasiyane koposa 2, chifukwa magalasi ndidzadulitsa muyeso umodzi.

Sikweya yokha musaikhulupirire pa chinthu chachitali chonchi. Muyeze modutsa, kuchokera pakona ya pamwamba kumanzere kufika ya pansi kumanja, kenaka mbali inayo. Miyeso iwiriyo isasiyane koposa 3 pa mafelemu a zitseko, ndi 2 pa mawindo. Mwendo wa felemu mukaukokera chingwe kuchokera pamwamba mpaka pansi, kupindika kwake kusapose 3. Mukatha, mukhomerepo thabwa lopingasa pansi ndi tina tiwiri m'makona a pamwamba, kuti galimoto ikamagwedezeka pa msewu wa Balaka zisapotoke.

Mtengo tinagwirizana: mlombwa pa khomo lalikulu, la kukhitchini ndi mawindo onse, poti ndizo zidzakumane ndi dzuwa ndi mvula, mbawa pa makomo asanu a m'kati. Paini ayi, ngakhale pa mizati, kumudzi kwathu chiswe sichigona. Pa mlombwa mupewe mbali yoyera ya kukhungwa ija, ndikufuna mtima wofiirira. Koposa zonse matabwa akhale ouma. Nyumba ya malemu bambo anga tinaikamo mafelemu a matabwa aawisi chifukwa chothamangira, chaka chisanathe makona anayasama moti munkalowa chala. Ngati ouma simunawapeze, ndiuzeni, ndidikira. Miyeso yonseyi ilibe ntchito ngati thabwa lidzafota litalowa kale m'khoma.

M'makona mulumikize mobowola ndi kulowetsa lilime, muthire guluu ndi kukhomera zikhomo za mtengo, osati kungogundanitsa ndi misomali. Malo a mahinjesi ndi loko musaseme, mudzachita komweko podzapachika zitseko. Vanishi musapake, koma kumbuyo kokhudza njerwa ndi miyendo yolowa pansi mupake mankhwala a chiswe. Felemu iliyonse muilembe kumbuyo dzina la chipinda chake.

Pa K1,600,000 yomwe tinapangana, theka ndatumiza kale pafoni ya mayi monga munanenera. Yotsalayo ndidzapereka Loweruka pa 1 Novembala, pomwe ndidzabwere kushedi ndi tepi yanga kuti tiyezere limodzi tisanakweze m'galimoto. Musanditenge ngati sindikukukhulupirirani, bambo, ntchito yanu ndinaiona kwa achemwali anga. Kungoti felemu yopitirira muyeso ndi yosavuta kuikonza ili pabenchi panu kusiyana ndi ili ku Ntcheu. Ngati pali nambala yomwe mukuiona kuti siyikugwirizana ndi inzake, mundiimbire musanadule thabwa. Madzulo aliwonse ndikaweruka ndimapezeka.

Mupereke moni kwa mayi.

Ine wanu,
Mayi E. Nachisale